Kuthetsa mavuto pa ziganizo za Chingerezi zoyamba ndi had, should ndi were m'malo mwa if

Aphunzitsi amene amachonga ntchito za Chingerezi za ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, ngakhalenso anthu amene amawerenga makalata a m'maofesi bwana asanasaine, amakumana ndi zolakwika zomwezomwezo chaka ndi chaka pa ziganizo zonga *Had I known* ndi *Should you need*. Lamulo lake si lalitali. Mawu akuti *if* amachotsedwa, mneni wothandiza amadumphira kutsogolo kwa mwininkhani, ndipo nthambi ina ya chiganizocho, ija imene imanena zotsatira, imasiyidwa mmene inalili. Vuto limabwera chifukwa anthu ambiri amathamangira kutembenuza mawu asanaone kuti chiganizo chimene apatsidwa ndi cha mtundu uti.

M'Chingerezi cha masiku ano aneni amene amaloledwa kudumpha chonchi ndi atatu okha, ndipo aliyense ali ndi ntchito yake.

- *Had* amanena za zinthu zakale zimene sizinachitike. *If I had known, I would have come* amasanduka *Had I known, I would have come*, kutanthauza kuti ndikanadziwa, ndikanabwera.
- *Should* amanena za zinthu zimene mwina zingachitike m'tsogolo. *If you need help, call me* amasanduka *Should you need help, call me*, kutanthauza kuti ngati mungafune thandizo, mundiimbire.
- *Were* amanena za zinthu zongoyerekeza, zimene sizili choncho panopa kapena zokayikitsa kuti zingachitike. *If I were rich, I would buy a lorry* amasanduka *Were I rich, I would buy a lorry*.

Aneni a Chingerezi amalowezedwa m'mizere itatu, monga *go, went, gone*. Pano woyambayo tidzimutcha tsinde, wachiwiriyo mneni wa nthawi yakale, ndipo wachitatuyo mneni wa mzere wachitatu. Pezani chizindikiro chimene chikufanana ndi vuto lanu. Zifukwa zake zasanjidwa kuyambira chimene chimapezeka kawirikawiri.

## Chizindikiro 1: chiganizo chikumveka ngati funso, kapena chikupunthwa pa mawu oyamba

If wasiyidwa pamalo pake. Munthu amatembenuza mawu bwinobwino koma mtima sumulola kutaya *if*, motero amalemba *If had I known* kapena *If should you need help*. Kutembenuzako ndiko kumagwira ntchito imene *if* ankagwira, choncho ziwirizi sizikhalira limodzi. Werengani mawu awiri oyamba a chiganizo chanu, ndipo mukapeza *if had*, *if should* kapena *if were*, fufutani *if*. Dziwani kuti *If you should need help* ndi wolondola, chifukwa pamenepo palibe chimene chatembenuzidwa.

Mneni wolakwika ndiye wadumpha. Wophunzira amene wazolowera kupanga mafunso amatenga mneni aliyense wothandiza n'kumuika kutsogolo, ndipo zimatuluka ndi *Did I know the answer, I would tell you*, *Have you finished, you may go* kapena *Was I rich, I would travel*. Zonsezi wowerenga amaziyamba ngati mafunso, kenako n'kusokonezeka akafika pakati. M'mabuku akale mungathe kukumana ndi *could* kapena *did* atayikidwa motere, koma pa mayeso ndi m'makalata a lero amatengedwa kuti ndi kulakwitsa. Ngati mawu oyamba si *had*, *should* kapena *were*, bwererani ku chiganizo cha *if* n'kuyambiranso.

Mfunsiro waikidwa kumapeto. Izi zimachitika kwambiri pa *Should you have any questions*, popeza mawu atatu oyambawo amafanana ndendende ndi chiyambi cha funso. Chiganizochi chimatha ndi mpumiro, pokhapokha nthambi ya zotsatira ikakhala funso payokha, monga *Had you known, would you have come?* Nthambi yotembenuzidwa ikakhala koyamba imatsatiridwa ndi mpatuliro, koma ikakhala kumapeto, monga mu *Call me should you need help*, mpatuliro safunika.

## Chizindikiro 2: mneni wotsatira should sakukhala bwino

Apa lamulo ndi limodzi, lakuti pambuyo pa *should* ndi mwininkhani pamabwera tsinde la mneni lopanda chilichonse chomatidwa. Chimene chimapusitsa n'chakuti m'chiganizo cha *if* mulibe *should* woti adumphe. Wolembayo ndiye amamubweretsa, ndipo akamubweretsa amaiwala kuti mneni wamkulu ayenera kusintha.

- S watsalira kumapeto kwa mneni. *If he calls* amakhala *Should he call*, osati *Should he calls*. Momwemonso *If she has time* amakhala *Should she have time*.
- Is, are kapena am sanasinthidwe. Tsinde la aneni atatuwa ndi *be*. *If the office is closed* amakhala *Should the office be closed*, ndipo *If there are any changes* amakhala *Should there be any changes*.
- Mwininkhani ndi wamtali, ndipo wolemba waiwala kumene anayambira. Mu *Should any of the candidates who applied last year wish to reapply*, mneni amene akuyendera *should* ndi *wish*, ngakhale ali patali. *Applied* sasintha chifukwa ali m'kanthambi kongofotokoza anthuwo.

Njira yosavuta yoyesera ndi kubwezera mawu m'malo mwake. Ikani mwininkhani patsogolo pa *should* n'kuwerenga: *he should calls* palibe amene angamulembe, pamene *he should call* amamveka bwino nthawi yomweyo.

## Chizindikiro 3: nthambi yoyamba ili bwino, koma ya zotsatira yawonongeka

Ili ndilo vuto limene limataitsa malikisi ambiri kwa olankhula Chichewa, ndipo gwero lake lili m'chinenero chathu chomwe. Tikamati "ndikanadziwa, ndikanabwera", kapena "ndikadadziwa, ndikadabwera", aneni onse awiri amamangidwa mofanana, ndipo palibe chimene chimasiyanitsa woyamba ndi wachiwiri kupatula malo amene aima. Chingerezi sichichita choncho. Nthambi ya *if* imatenga *had* ndi mneni wa mzere wachitatu, pamene nthambi ya zotsatira imatenga *would have* ndi mneni wa mzere wachitatu. Munthu amene akuganiza m'Chichewa n'kumalemba m'Chingerezi amafuna kuti mbali ziwirizi zifanane, ndipo amazifananitsa mwa njira imodzi mwa ziwiri.

Had waikidwa mbali zonse. Zimatuluka ndi *Had I known, I had come*. Kukonza kwake ndi kubwezera *would have* kumbali ya zotsatira: *Had I known, I would have come*. M'malo mwa *would* mungathe kukhala *could* kapena *might* malinga ndi tanthauzo, monga *Had we left early, we might have caught the bus*.

Would have waikidwa mbali zonse. Wolembayo amayamba ndi *If I would have known, I would have come*, amene ndi wolakwika kale m'Chingerezi cholembedwa ngakhale amamveka pakamwa pa anthu ena, ndiye potembenuza amafika pa *Would I have known*. Ameneyu ndi funso basi. Nthawi zonse konzani kaye chiganizo cha *if* musanachitembenuze, chifukwa cholakwika chimene chili m'menemo chimakutsatirani.

Kufupikitsa kwa 'd kwawerengedwa molakwika. Mu *If I'd known, I'd have come* muli *I'd* kawiri, koma woyamba ndi *I had* ndipo wachiwiri ndi *I would*. Mumawasiyanitsa poyang'ana mawu otsatira: mneni wa mzere wachitatu, monga *known*, amasonyeza kuti ndi *had*, pamene tsinde, monga *have*, limasonyeza kuti ndi *would*. Tambasulani mawu ofupikitsidwa onse musanayambe kusuntha chilichonse.

Mbali zonse ziwiri zatembenuzidwa. Ena, atazindikira kuti mneni ayenera kudumpha, amamudumphitsanso kumbali yachiwiri, n'kulemba *Had I known, would I have come*. Amene amadumpha ndi wa m'nthambi ya *if* yekha.

Chiganizo chosakaniza nthawi "chakonzedwa" pamene sichinalakwike. Ichi n'chosowa, koma chimagwira ophunzira anzeru amene aloweza lamulo kwambiri. Onani *If he had finished school, he would be working now*. Kusamaliza sukulu kunachitika kale, koma kusagwira ntchito ndi kwa lero, n'chifukwa chake kumbali yachiwiri kuli *would be* osati *would have been*. Yankho lolondola ndi *Had he finished school, he would be working now*. Amene angasinthe n'kulemba *would have been working* wasuntha nkhani yonse kupita nayo kumbuyo, ndipo *now* amatsala opanda chogwira.

Poyesa, phimbani nthambi yoyamba ndi chala m'ziganizo zonse ziwiri, chakale ndi chatsopano. Zimene zatsala poyera ziyenera kufanana liwu ndi liwu.

## Chizindikiro 4: not sakupeza malo ake

Not wamatidwa ku mneni wothandiza. *If she hadn't called* anthu ambiri amamutembenuza kukhala *Hadn't she called*. M'ziganizo zotembenuzidwazi kufupikitsa koteroko sikuloledwa ngakhale pang'ono. *Not* amaima payekha pambuyo pa mwininkhani: *Had she not called*, *Should you not receive the letter*, *Were he not my brother*. *Hadn't she called*, *Shouldn't you receive* ndi *Weren't he* onse amawerengedwa ngati mafunso kapena zolakwika chabe.

Not wayikidwa mwininkhani asanafike. *Had not she called* ali ndi fungo la Chingerezi chakalekale, ndipo ndi bwino kumupewa. Ndondomeko yodalirika ndi mneni wothandiza, mwininkhani yense, *not*, kenako mneni wamkulu, monga *Had the driver of the lorry not stopped*.

Does not ndi do not asiyidwa. *If he does not pay* amakhala *Should he not pay*. *Does* amachoka chifukwa *should* walowa m'malo mwake, choncho *Should he does not pay* ali ndi aneni othandiza awiri pamalo pa mmodzi. M'makalata a ntchito mumapezekanso *Should he fail to pay*, amene amanena zomwezo mosazungulira.

Unless watayidwa pamodzi ndi kukana kwake. *Unless* ali ndi *not* wobisika m'kati mwake. *Unless you pay by Friday, the water will be disconnected* amafuna kuti muyambe mwamusandutsa *If you do not pay by Friday*, kenako *Should you not pay by Friday*. Wolemba amene angofufuta *unless* n'kuyika *should* amauza munthu kuti akalipira madzi adulidwa.

Mawu akuti "pakanapanda" asokonezedwa nthawi. Chingerezi chili ndi njira ziwiri. *Were it not for* amanena za lero, monga *Were it not for my aunt, I would be out of school*, pamene *Had it not been for* amanena zakale, monga *Had it not been for my aunt, I would have dropped out in Form 2*. Pa mayeso, yang'anani nthambi ya zotsatira: mukaonamo *would have* ndi mneni wa mzere wachitatu, sankhani *Had it not been for*. Chiganizo chikayamba ndi *But for*, chimasandulika chimodzi mwa ziwirizi potsata muyeso womwewo.

## Chizindikiro 5: had wasowa, kapena wabwera pamene sakufunika

M'Chingerezi *had* amagwira ntchito ziwiri. Amakhala mneni wothandiza, monga mu *had known*, komanso amakhala mneni wamkulu wotanthauza kukhala ndi chinthu, monga mu *had money*. Amene amadumpha mosavuta ndi wothandizayo.

Chifukwa chofala ndi kuopa kulemba *had* kawiri. *If I had had money, I would have paid* amakhala *Had I had money, I would have paid*. Woyamba ndi wothandiza amene wadumpha, wachiwiri ndi mneni wamkulu amene watsala pamalo pake, ndipo onse ndi ofunika. Wophunzira akaona *had had* pa pepala la mafunso nthawi zina amaganiza kuti otayipa anabwereza mwangozi, n'kuchotsapo mmodzi.

Chifukwa chachiwiri ndi kuwonjezera *had* pamene panalibe. *If I had money, I would pay* akunena za lero: ndalama ndilibe panopa. Mukalemba *Had I had money* mwasamutsira nkhaniyo ku dzulo, ndipo sikugwirizananso ndi *I would pay* m'tanthauzo limene linalipo. *Had I money* kapena *Had I the money* amapezeka ndithu m'zolemba za ku Britain za kalembedwe kakale, koma m'kalata ya lero amamveka modzikweza. Chiganizo chotere, ngati palibe amene wakukakamizani, chisiyeni ndi *if* wake.

Chachitatu ndi kutaya *been* m'ziganizo zimene mwininkhani akuchitiridwa chinthu. *If the letter had been sent* amakhala *Had the letter been sent*. *Had the letter sent* akusandutsa kalatayo kukhala yotumiza zinthu.

## Chizindikiro 6: chiganizo cha were chikumveka chosatha

*Were* amadumpha yekha pamene analimo kale m'chiganizo cha *if*, monga *If she were here* kukhala *Were she here*, kapena *If they were living in Zomba* kukhala *Were they living in Zomba*. Chiganizocho chikakhala ndi *was*, monga mmene anthu amalankhulira kuti *If she was here, she would help*, musintheni kaye akhale *were*.

Vuto limadza pamene m'chiganizo cha *if* muli mneni wina wa nthawi yakale, monga *If the minister resigned, there would be an election*. Apa palibe *were* woti adumphe, choncho amabweretsedwa pamodzi ndi *to* ndi tsinde la mneni: *Were the minister to resign*. Zolakwika zimene zimapezeka ndi izi:

- *Were the minister resigned*, pamene mneni wasiyidwa m'nthawi yakale.
- *Were the minister resign*, pamene *to* waiwalika.
- *Had the minister resigned*, pamene wolembayo waona mneni wa nthawi yakale n'kuganiza kuti nkhaniyo ndi yakale. Nthambi ya zotsatira ili ndi *would be*, ndipo nkhani yake ndi ya m'tsogolo mongoyerekeza.

*Were* ndi *to* amakhala bwino ndi aneni a zochitika, monga kusiya ntchito, kugwa, kugula kapena kupambana. Ndi aneni a mmene zinthu zilili, monga *know* ndi *like*, zimatuluka ziganizo zolemera, ndipo *Were I to know the answer* satanthauza ndendende zimene *If I knew the answer* akunena, chifukwa woyambayo amakokera ku kudzadziwa m'tsogolo.

## Chizindikiro 7: galamala ili bwino, koma tanthauzo lasuntha

Chizindikiro ichi n'chovuta kuchiona, chifukwa chiganizocho chimawerengeka bwino ndipo palibe liwu limene lingalembedwe mzere wofiira.

Should wamvedwa ngati "muyenera". Tinaphunzira *should* koyamba ngati mawu olangiza, choncho munthu akalandira kalata yakuti *Should you wish to appeal, write to this office within fourteen days* angaganize kuti akulamulidwa kuchita apilo. Palibe lamulo pamenepo. Akuuzidwa chochita ngati angafune. Vutoli limabweranso chagada. *If you should leave, tell me* amatembenuzika bwino, koma chiganizo chimene tanthauzo lake ndi lakuti "ngati mukukakamizika kuchoka" chiyenera kukhala ndi *have to*, monga *Should you have to leave*.

Should wachepetsa chiyembekezo. Mneniyu amabwera ndi kakukayika pang'ono, ngati kunena kuti "zitati zachitika". N'chifukwa chake amakhala bwino mu *Should the machine break down* ndi *Should you have any complaints*, zinthu zimene wolemba sakuziyembekezera kwenikweni. Kholo likalembera mwana kuti *Should you pass, I will buy you a bicycle*, mwanayo akhoza kumva kuti kholo lake silikukhulupirira kuti akhoza mayeso. Pa mayeso kusiyana kumeneku sikuwerengedwa, koma m'kalata yeniyeni kumamveka.

Chiganizocho chikunena zimene zimachitika nthawi zonse. *If you heat water to 100 degrees Celsius at sea level, it boils* ndi choonadi chosasintha, ndipo *if* wake angathe kulowedwa m'malo ndi *when* kapena *whenever*. Kuikapo *should* kukupangitsa kuwira kwa madzi kuoneka ngati ngozi ya kamodzikamodzi.

If wake si wa "ngati zitatero". Mu *I asked if she had arrived*, *if* akutanthauza *whether*, ndiye kuti akunena funso limene linafunsidwa. Yesani kuikapo *whether*. Chiganizo chikamvekabe bwino, musachitembenuze. *As if* ndi *if only* nawonso asiyeni mmene alili.

Even kapena only watayika. *Even if he had apologised, she would have left* akunena kuti kupepesa sikukanasintha kanthu. *Had he apologised, she would have left* akunena zodabwitsa, kuti kupepesako ndiko kukanamuchotsa. Olemba ena amalemba *Even had he apologised*, ndipo n'zololedwa, koma kwa wophunzira njira yotetezeka ndi kusatembenuza.

Had wa mtundu wina wasokoneza. *Hardly had we arrived when it rained* ndi *No sooner had we arrived than it rained* nawonso ali ndi *had* patsogolo pa mwininkhani, koma akunena zinthu zimene zinachitikadi, chimodzi chitangotha chinzake. Mwa iwo mulibe *would have*, ndipo sachokera ku *if*.

## Pamene funso lilibe if ngakhale pang'ono

Mafunso ovuta kwambiri, monga aja a ku Zambia a Giredi 12 amene amapereka chiganizo A chathunthu n'kufuna kuti mumalize chiganizo B popanda kusintha tanthauzo, nthawi zina sapereka *if*. Amanena zimene zinachitika, n'kukupatsani liwu loyambira. Tiyeni titsate limodzi mpaka kumapeto.

*The bus broke down at Dedza, so she missed the interview.* Yambani ndi *Had*.

Choyamba, pezani chimene chinayambitsa ndi chimene chinatsatira. Kuwonongeka kwa basi ndiko kunayambitsa, ndipo kulephera kufika ku intavyu ndiko kunatsatira. *So* amatsogolera chotsatira, pamene *because* amatsogolera choyambitsa, motero m'chiganizo cha *because* choyambitsa chimakhala kumapeto ndipo muyenera kuchikokera kutsogolo. Ambiri amagwa pomwepa, n'kulemba kuti akanapanda kuphonya intavyu basi sikanawonongeka.

Chachiwiri, popeza *had* amanena zimene sizinachitike, mbali iliyonse iyenera kunena zotsutsana ndi zimene zinachitikadi. Basi inawonongeka, choncho timayerekeza kuti sinawonongeke. Anaphonya, choncho timayerekeza kuti sanaphonye. Pamene panalibe *not* pamalowa *not*, ndipo pamene panali *not* amachoka.

Chachitatu, lembani chiganizo cha *if* pambali, ngakhale sichinafunsidwe: *If the bus had not broken down at Dedza, she would not have missed the interview.* Onani kuti *broke* wasanduka *broken*, chifukwa *had* amafuna mneni wa mzere wachitatu. Aneni onga *go, see, take, write* ndi *begin* amagwetsa anthu pa sitepe imeneyi, pamene *miss* savuta poti mzere wachiwiri ndi wachitatu ndi ofanana.

Chachinayi, fufutani *if*, kokerani *had* kutsogolo, ndipo *not* mumusiye pambuyo pa mwininkhani: *Had the bus not broken down at Dedza, she would not have missed the interview.*

Pomaliza, dzifunseni mafunso awiri kuchokera pa chiganizo chatsopanocho. Kodi basi inawonongeka? Inde. Kodi anaphonya intavyu? Inde. Mayankho akagwirizana ndi chiganizo choyamba, tanthauzo silinasunthe. Yesani njira yomweyi pa *We did not plant early because the rains did not come in November*, pamene mbali zonse zili ndi *not* ndipo choyambitsa chili kumapeto. Muyenera kufika pa *Had the rains come in November, we would have planted early*. *Come* ameneyu ndi wa mzere wachitatu ngakhale akufanana ndi tsinde, ndipo *came* angakhale wolakwika.

## Pamene muyenera kuima n'kufunsa wodziwa

Zambiri mwa zolakwika zimene zatchulidwazi munthu amazikonza yekha. Pali malo ena pamene kupitiriza nokha kungakupwetekeni.

- Chiganizocho chili mu mgwirizano wa ntchito, wa lendi, wa ngongole kapena wa inshuwalansi. Musachitembenuze pofuna kuti chimveke chapamwamba. *Payment will be made only if the goods are delivered by 30 June* akutseka njira ina iliyonse yolipirira, pamene *Payment will be made should the goods be delivered by 30 June* sakunena chilichonse za katundu wofika mochedwa. Mawu onga *only if*, *unless* ndi *provided that* m'zikalata zotere asinthidwe ndi loya yekha.
- Mwalandira kalata yoyamba ndi Should you fail to kuchokera ku khoti, ku banki kapena kwa abwana anu, ndipo simukumvetsa chimene chidzachitike tsiku lotchulidwalo likadutsa. Pitani nayo kwa loya, kwa othandiza anthu pa zamalamulo, kapena ku ofesi imene yailemba, tsikulo lisanakwane.
- Mukumasulira malangizo a mankhwala kapena a chitetezo cha pa ntchito. *Should symptoms persist* akamasuliridwa ngati lamulo m'malo mwa "ngati zizindikiro zikupitirira", wodwala angasokonezeke. Womasulira wodziwa ntchito ndiponso wachipatala aone zimene mwalemba.
- Chiganizo cha pa mayeso oyeserera chili ndi nthambi ziwiri za if, kapena mwapeza mayankho awiri amene onse akuoneka olondola, monga *Should he refuse* ndi *Were he to refuse* patsogolo pa *we would go to court*. Onse awiri ndi Chingerezi chovomerezeka, ndipo mphunzitsi amene amadziwa mmene mayesowo amachongedwera ndi amene angakuuzeni chimene chikuyembekezeka pa funso la mtundu umenewo.
- Mukulakwitsabe chiganizo cha if chenichenicho musanachitembenuze. Siyani kaye zotembenuza, mupemphe mphunzitsi akubwerezereni mitundu itatu ya ziganizo za *if* pamodzi ndi aneni a mzere wachitatu, ndipo mubwerere ku *had*, *should* ndi *were* mukayamba kulemba mitundu itatuyo osalakwitsa.